Msonkhano wa Lolemba ukumatha 10 koloko, ajenda ndiikonze bwanji?

Tiyamike: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsogolera misonkhano ya kuntchito. Ndimayang'anira nthambi ya kampani yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda ku Limbe. Tilipo anthu 9: ine, azamalonda atatu, akusitolo awiri, madalaivala awiri ndi akauntanti. Lolemba lililonse timakumana 7:30 m'mawa, cholinga tikhale titamaliza 8:30 kuti magalimoto anyamuke ndi katundu. Koma msonkhano ukumatha cha m'ma 9:45, pena 10 koloko. Uno ndi Okutobala, maoda a feteleza ayamba kuchuluka, ndiye galimoto ikanyamuka mochedwa makasitomala a ku Mulanje amayamba kuimba mafoni tili mkati mwa msonkhano womwewo.

Ajenda yathu ili ndi mfundo 12: pemphero lotsegulira, opepesa, kuwerenga maminitsi, zochokera m'maminitsi, lipoti la malonda, lipoti la kusitolo, lipoti la magalimoto, lipoti la ndalama, mavuto, za welofeya, zina ndi zina, pemphero lotsekera. Mwezi wathawu ndinaika mphindi 5 pa mfundo iliyonse kuti zikwane ola limodzi ndendende, ndinasindikiza n'kugawira aliyense. Palibe chasintha. Nthawi yake mumaigawa bwanji anzanga?

Chikondi wa ku 25: Achemwali, chotsani mipando basi. Ife ku ofesi kwathu timakumana choimirira, mphindi 15, aliyense anene chimene wachita, chimene achite, ndi chimene chikumutsekereza. Munthu ataimirira sangakambe mbiri ya kampani.

Esinati M.: Ndisanayankhe za ajenda, ine poti ndine wa manambala ndawerengetsa kaye. Anthu 9 kwa maola awiri ndi theka ndi maola 22 ndi theka a ntchito, sabata iliyonse. Amenewotu ndi pafupifupi masiku atatu a munthu mmodzi. Mukawauza abwana anu choncho adzakuthandizani okha kufupikitsa.

Bambo Gondwe: Mayi Tiyamike, vuto loyamba lili pa 5 yemweyo. Mwagawa ola mofanana ngati mfundo zonse n'zolemera chimodzimodzi. Pemphero ndi opepesa sizingadye mphindi 10, pamene lipoti la malonda, lomwe anthu atatu akuyenera kulankhulapo, silingathe m'mphindi 5 ngakhale atathamanga bwanji. Ndiye pofika pa mfundo yachisanu aliyense waona kale kuti manambala a papepalawo sakugwira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene amayang'ana wotchi. Komanso 12 kuchulukitsa ndi 5 ndi 60, kutanthauza kuti simunasiye mpata ngakhale wa mphindi imodzi. Munthu mmodzi akangochedwa kulowa, ajenda yonse yagwa kale.

Koma ndisanapitirire ndifunse. Lolemba lapitali, ndi pa mfundo iti pamene munakhalitsa, ndipo mutatuluka munali mutagwirizana chiyani?

Tiyamike: Bambo, tinakhalitsa pawiri. Kuwerenga maminitsi ndi zochokeramo kunatenga pafupifupi mphindi 30, chifukwa mlembi amawerenga mawu onse, ndiye wina amati sindinanene choncho, kenako nkhani ija yayambiranso. Kwinako ndi pa "mavuto". Pamenepo panatuluka ngongole za makasitomala, galimoto imodzi yomwe ili kugaraja, matumba a Urea omwe sakugwirizana ndi za m'buku, mpaka shuga wa tiyi. Chomwe tinagwirizana chenicheni ndi cha shuga chokha.

Limbani (Leeds): Hahaha, shugayo sikuti ndi inu nokha. Mu 1957 Mngelezi wina, C. Northcote Parkinson, analemba chitsanzo chongopeka cha komiti yomwe inavomereza ntchito yaikulu ya mphamvu za nyukiliya m'mphindi ziwiri ndi theka, n'kukangana mphindi 45 pa shedi yosungiramo njinga. Nkhani ya shedi aliyense amaimva ndipo ali ndi ganizo, pamene yaikuluyo anthu amaopa kuonetsa kuti sakuidziwa. Ngongole n'zowawa kukamba, shuga n'ngosavuta.

Bambo Gondwe: Mwandipatsa zonse zimene ndimafuna. Taonani, nkhani zenizeni za sabata imeneyo zinali zitatu: ngongole, galimoto ndi Urea. Zonse zitatu sizinali pa ajenda. Zinabisala m'kati mwa liwu limodzi loti "mavuto", n'kupatsidwa mphindi 5 zonse pamodzi. Mutu ngati "mavuto" kapena "lipoti la magalimoto" simungauikire nthawi, chifukwa palibe amene akudziwa kuti ukutha pati. Nthawi mumaika pa funso lomwe lili ndi yankho. Mukalemba kuti "Ngongole", anthu akamba mpaka masana. Mukalemba kuti "Ndi makasitomala ati amene tisiye kuwapatsa katundu pangongole sabata ino?", nkhani ikutha pamene mayina atchulidwa ndipo mlembi walemba. Pambali pa funsolo lembani dzina la mwini wake, amene abwere atakonzeka, apa ndi akauntanti.

Tsono mphindi zake musalote, muwerengetse. Ine ndimayamba ndi kufunsa kuti ndani amene akuyenera kulankhulapo ndithu. Pa ngongole akauntanti afotokoza mndandanda, mphindi 3. Azamalonda atatu aliyense ateteza makasitomala ake, ndipo munthu amene akuteteza kasitomala wake samaliza m'mphindi imodzi, mupatseni 2, zonse 6. Kuyankhana pang'ono, 3. Inu kumanga mfundo ndi mlembi kuiwerenga mokweza, 2. Zakwana 14, ndiye lembani 15. Mukaona kuti kuwerengetsako kwapitirira 20, dziwani kuti nkhaniyo si ya msonkhano wa Lolemba, ikufuna kukhalirana pansi kwapadera.

Ya galimoto funso lake n'loti, poti yatsala imodzi, iyambe njira ya Thyolo ndi Mulanje kapena ya Zomba? Olankhula ndi dalaivala wamkulu, wa kusitolo mmodzi ndi azamalonda awiri amene ali ndi maoda kumeneko. Mphindi 10 zikwana.

Ya Urea ichotseni. Anthu amene angapeze komwe matumba anasokonekera ndi wa kusitolo ndi akauntanti, atagwira madelivale noti m'manja. Ena 7 aja amangoonerera, ndipo wa kusitolo akamafunsidwa pagulu amayamba kudziteteza m'malo mofufuza. Awiriwo akaone, adzanene zomwe apeza Lolemba linalo m'chiganizo chimodzi.

Mayi Nkhoma: Ine ndikuona ngati vuto ndi mwambo wa anthu masiku ano. Kusukulu kwathu msonkhano wa aphunzitsi umatenga maola atatu ndipo palibe amadandaula, chifukwa ahedi amafuna aliyense anenepo maganizo. Mukayamba kuwerengera anthu mphindi mudzaoneka ngati simukufuna kumva za anzanu. Msonkhano ndi pomwe antchito amatulutsira zakukhosi.

Esinati M.: Amayi, wanuwo umachitika kangati?

Mayi Nkhoma: Potsegulira teremu ndi potsekera, pena pakati pakagwa nkhani.

Esinati M.: Ndiye n'zosiyanatu. Wa pateremu ungatalike, anthu akonzekera tsiku limenelo. Uwu ndi wa sabata iliyonse, kunja galimoto ikudikira ndi matumba. Koma pa zakukhosipo ndikugwirizana nanu pang'ono. Mukatseka pakamwa anthu Lolemba popanda kuwapatsa pena polankhulira, madandaulo aja amakatulukira pa gulu la WhatsApp usiku.

Chikondi wa ku 25: N'chifukwa chake ndikuti mphindi 15 choimirira. Zinazo n'kuchedwa nazo.

Bambo Gondwe: Achimwene a Chikondi, njira yanuyo ndi yabwino pa ntchito yake. Inachokera kwa anthu opanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo iwo amakumana choncho tsiku lililonse, n'chifukwa chake mphindi 15 zimakwana: nkhani zake ndi za dzulo ndi lero basi, ndipo samangapo mfundo zikuluzikulu. Apa Mayi Tiyamike ali ndi zinthu za sabata yathunthu, ndipo pali chigamulo choti kasitomala wakutiwakuti asapatsidwenso katundu. Mukawapatsa anthu 9 mphindi 15, aliyense apeza mphindi imodzi ndi theka, ngongole ija osaikhudza n'komwe. Chomwe ndingatengeko kwa inu ndi chakuti malipoti azikhala achidule choncho. Koma kuimiritsa dalaivala wa zaka 58 pamene wachinyamata akulankhula, kuno kwathu mudzayambitsa nkhani ina.

Chikondi wa ku 25: Apo ndavomera, kwathu wamkulu kwambiri ali ndi zaka 34.

Tiyamike: Nanga maminitsi, bambo? Likulu limafuna kuti tizitumiza sabata iliyonse, sindingawasiye.

Bambo Gondwe: Kulemba musasiye, siyani kuwerenga mokweza. Mwambo wowerenga maminitsi n'kuwavomereza ndi wa makomiti ndi mabodi amene amakumana patapita miyezi, anthu ataiwala, ndipo zolembazo zili ndi mphamvu pa malamulo a bungwe. Inu munaonana masiku 7 apitawo. Mlembi atumize maminitsi Lolemba lomwelo masana, amene ali ndi chokonza anene pofika Lachiwiri. Ndipo asamalembe kuti uje anati, uje anayankha kuti. Alembe zitatu zokha: chomwe mwagwirizana, amene achite, ndi tsiku lomalizira. Pa msonkhano mungodutsa pa mzere umenewo. Mlembi atchula ntchito ndi dzina, mwini wake ayankha kuti zatheka kapena sizinatheke, ndipo ngati sizinatheke atchule tsiku latsopano. Chifukwa chake musachifunse pamenepo, ndi pomwe mphindi 30 zanu zija zimathera. Ntchito ikalephereka masabata awiri otsatizana, imeneyo ndiye ikwere kukhala mfundo payokha pa ajenda yotsatira, ndi nthawi yake.

Malipoti anayi aja asanduke manambala olembedwa pa bolodi kapena papepala limodzi msonkhano usanayambe: malonda a sabata, matumba otsala a NPK ndi Urea, ngongole yonse, maulendo a galimoto. Anthu amawerenga msanga kuposa mmene munthu amalankhulira. Inu mungofunsa ngati pali nambala yomwe yadabwitsa wina.

Ndiye ajenda ya Lolemba likubwerali ingaoneke chonchi:

7:30 Pemphero ndi opepesa (2)
7:32 Zomwe tinagwirizana sabata yatha: zatheka kapena ayi, mlembi (6)
7:38 Manambala a sabata, mafunso okha (5)
7:43 Ndi makasitomala ati tisiye kuwapatsa pangongole? Akauntanti (15)
7:58 Galimoto iyambe Thyolo ndi Mulanje kapena Zomba? Dalaivala wamkulu (10)
8:08 Zidziwitso (3)
8:11 Ndani achita chiyani, pofika liti, mlembi awerenge (4)
8:15 Kutseka

Zonse ndi mphindi 45. Zotsala 15 zija mpaka 8:30 musaziike pa pepala, ndi zanu zosungira. Ndipo taonani kuti ndalemba nthawi ya pa wotchi, osati kuchuluka kwa mphindi kokha. Munthu akaona "15" sadziwa kuti zinayamba liti, koma akaona 7:58 pa pepala, wotchi ya pakhoma ikuti 8:03, amadziwa yekha kuti tadutsa.

Esinati M.: Kwa amene mumakonza mu Excel, nthawi ya pa wotchiyo isamakuvutitseni kuwerengetsa pamanja. Ikani nthawi yoyambira mu B2, mphindi za mfundo iliyonse mu C, kenako mu B3 lembani izi n'kukokera pansi:

```
=B2+C2/1440
```

1440 ndi mphindi za tsiku lathunthu, poti Excel imawerenga tsiku ngati 1. Mzere wa B muupatse maonekedwe a `hh:mm`, apo ayi muona manambala achilendo. Mukasintha mphindi za mfundo imodzi, nthawi zonse za m'munsi zisuntha zokha, ndipo muona pompo ngati mwadutsa 8:15.

Yohane Sitolo: Pepani akuluakulu, ine si bwana, ndimagwira ntchito kuweyahausi ku Kanengo, koma ndilowererepo. Pa ajenda ya Bambo Gondweyo madalaivala ndi akusitolo akhala mpaka 7:58 kumvera za ngongole zomwe sizikuwakhudza. Kupakira matumba a makilogalamu 50 mu lole si ntchito ya mphindi 10. Ngati mpaka 8:08 sitikudziwa kuti galimoto ikupita kuti, sitingayambe kupakira, chifukwa katundu wa ku Zomba ndi wa ku Mulanje ndi maoda osiyana, ndipo wotsika koyamba amakwera komaliza. Bwanji ya galimoto ikhale yoyamba, ikatha anthu anayiwo atuluke akayambe ntchito?

Tiyamike: A Yohane, mwalankhula ngati munalipo. Akusitolo amangoyang'ana pawindo nthawi yonse ya lipoti la ndalama.

Bambo Gondwe: Mwanena zoona achimwene, ine ndinaganiza ngati munthu wa muofesi. Chizolowezi changa n'choika nkhani yolemera kwambiri poyamba, mitu isanatope komanso nthawi isanadyeke. Koma apa chomwe chikuthamangitsa msonkhano wonse ndi galimoto, ndiye ikwere. Ikhale 7:38 mpaka 7:48, manambala abwere pambuyo pake. Chenjezo langa ndi limodzi. Otulukawo aphonya zidziwitso ndi kubwereza kwa kumapeto, ndiye ntchito yawo mlembi aiwerenge asanadzuke pampando, ndipo zidziwitso zowakhudza zinenedwe poyamba pomwe.

Esinati M.: Ine pamenepo ndikukayika. Madalaivala ndi amene amafika pa mashopu a makasitomala. Iwo ndi amene amaona kuti shopu ya uje mashelefu ali mbee, kapena yatsekedwa masiku atatu. Pa nkhani ya ngongole umboni wawo umaposa wa azamalonda, amene amafuna komishoni. Mukawatulutsa mwataya maso.

Yohane Sitolo: Ndiye muwafunse Loweruka akamabweza makiyi, osati kuwasunga Lolemba lole ili chilili.

Esinati M.: Loweruka akauntanti kulibe, ndipo zonena m'khonde sizifika pa msonkhano momwe zinanenedwera. Kaya, Tiyamike aona yekha, anthu ake akuwadziwa ndi iyeyo.

Limbani (Leeds): Funso langa ndi la kukonzekera. Ajendayo anthu amaiona liti? Kuno timatumiza dzulo lake, ndipo mfundo yopanda mwini siilowa. China, ife misonkhano yambiri ndi ya pa intaneti, ndipo pamene tinkagwiritsa ntchito Zoom yaulere, yomwe imadula pa mphindi 40, misonkhano inkatha bwino kuposa pano pamene kampani inalipira. Palibe amene ankakwiyira makina.

Tiyamike: Amaiona Lolemba pomwepo ndikamagawa mapepala. Ndimailemba Lamlungu usiku.

Bambo Gondwe: Ndiye akauntanti amva 7:43 kuti akufunika mndandanda wa angongole, adzuka kukayatsa kompyuta, mwina magetsi kulibe, mphindi 15 zija zathera kudikira. Chitani chonchi. Lachisanu pofika 12 koloko aliyense amene ali ndi nkhani akutumizireni, ndipo muzimufunsa kuti akufuna gulu ligamule chiyani. Akalephera kuyankha, ndiye kuti ndi chidziwitso chabe kapena ndi nkhani ya inu awiri. Lachisanu lomwelo musanaweruke sankhani ziwiri, zikachuluka zitatu, ndipo tumizani ajenda pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Mulembe ngati uthenga wamba, osati fayilo, chifukwa ena mafoni awo satsegula mafayilo ndipo ena bandulo imakhala yatha. Mwini mfundo aliyense mumuuze payekha chomwe abwere nacho. Zotsalazo muziyankhe ndithu, kuti iyi tikamba sabata yamawa, iyi tionane awiri Lachiwiri. Munthu amene nkhani yake yangosowa osauzidwa kanthu adzaitulutsa pa zina ndi zina.

Mayi Nkhoma: Inde, ndimafuna ndifunse zomwezo. Zina ndi zina mwazichotsa pa ajenda yanu bambo. Nanga welofeya? Wina akaferedwa Loweruka, Lolemba mumuuza kuti muli ndi mphindi zitatu?

Bambo Gondwe: Ayi amayi, zovuta siziwerengeredwa mphindi. Pakagwa maliro wapampando anene yekha poyambirira, pemphero likangotha, anthu apepese, ndipo tsiku limenelo mfundo imodzi ichoke pa ajenda kuti ipereke malo. Zimenezo aliyense amazimvetsa. Chomwe ndachotsa ndi welofeya ya sabata ndi sabata: ndani sanasonkhe, shuga watha, chipereganyu chili pa ndani. Zimenezo zili ndi komiti yake, akambe pa nkhomaliro, abweretse chiganizo chimodzi pa zidziwitso.

Zina ndi zina ndimazifunsa poyamba, osati pomaliza. Tikangotsegula ndimati, pali chagwa kuyambira Lachisanu chomwe sichingadikire? Chikakhalapo timachipezera malo pochotsa china, anthu onse akuona. Mukazisiya kumapeto, munthu amasunga nkhani yake yaikulu mpaka 8:14, ena atatseka kale mabuku.

Mayi Nkhoma: Komabe ine ndikuona kuti pali anthu ofatsa amene Lachisanu sangatumize uthenga kwa bwana, koma pa zina ndi zina, akaona anzawo alankhula, amalimba mtima. Mwawatsekera amenewo.

Esinati M.: Izi n'zoona, ndipo ajenda siingakonze zimenezo. Kwathu tinasiya Lolemba lomaliza la mwezi kuti likhale ndi mphindi 20 za aliyense, popanda mutu. Pena zimathandiza, pena timangomva za shuga zomwezo.

Tiyamike: Zikomo nonse, ndalemba. Latsala funso lomwe likundiopsa kwambiri. Mmodzi mwa azamalonda ndi bambo wamkulu, anayamba ntchito ine ndili kusekondale, ndipo akayamba kulankhula amayambira chaka chomwe kasitomala anatsegula shopu. Ndinayesa kusankha mtsikana wa kusitolo kuti azisunga nthawi. Nthawi itakwana anangoyang'ana pansi.

Chikondi wa ku 25: Ikani alamu ya pafoni pakati pa tebulo. Ikalira yalira, ilibe ulemu ndi munthu.

Limbani (Leeds): Kuno zimenezo zimayenda. Kumudzi sindikudziwa, alamu kulira mkulu ali pakati pa chiganizo, chipinda chonse chizizira.

Bambo Gondwe: Mtsikanayo musamuimbe mlandu, munamupatsa ntchito yomwe si ya msinkhu wake. Wosunga nthawi ntchito yake ndi kukudziwitsani inuyo, mwina pokweza kapepala kolembedwa 2 pamene kwatsala mphindi ziwiri. Kudula munthu ndi ntchito ya wapampando, ndipo simudula munthuyo, mumalankhula kwa gulu lonse za mfundoyo: "Kwatsala mphindi ziwiri pa nkhani iyi, tiyeni timange." Nthawi ikatha nkhani isanathe pali njira zitatu zokha, ndipo muzitchule mokweza. Tigamule pompano ndi zomwe tamva. Kapena tiwonjezere mphindi 5, koma tinene mfundo yomwe tikuilanda mphindizo. Kapena anthu awiri aitenge, atiuze pofika tsiku lakuti. Choipa kwambiri n'kungopitiriza mwakachetechete, chifukwa mukatero kamodzi, manambala a pa ajenda asanduka zokongoletsa pepala.

Za bambo wamkuluyo, nkhondo yake imenyedwe Lachisanu, osati Lolemba pagulu. Apezeni paokha, muwauze kuti pa ngongole mukufuna iwo ayambe kulankhula poti makasitomala amawadziwa kuposa aliyense, koma akupatseni mayina awiri okha, amene akuwakhulupirira ndi amene akuwakayikira. Mwawalemekeza, ndipo mwawapatsa malire asanayambe. Akatalikitsabe, mawu ake ndi awa: "Bambo, mfundo yanuyo ndi yaikulu, tisaithamangitse. Ndailemba, tikhale pansi ndi akauntanti 2 koloko." Koma 2 kolokoyo mukhaledi pansi. Mukapanda kutero adzadziwa kuti inali njira yowakhalitsira chete, ndipo sabata yotsatira sadzalolanso.

Yohane Sitolo: Nanga ochedwa? Lolemba m'mawa minibasi za ku Bangwe ndi ku Ndirande zimavuta.

Bambo Gondwe: Yambani 7:30 ndi amene alipo, ndipo wochedwa musamubwerezere. Mphindi 8 zoyambazo ndi za pemphero ndi zatheka sizinatheke, ndiye wofika 7:36 sanaphonye chigamulo chilichonse. Koma ngati anthu atatu kapena anayi akuchedwa sabata iliyonse chifukwa cha mayendedwe, vuto ndi 7:30 yanuyo, osati anthuwo.

Tiyamike: Ndabweranso, lero linali Lolemba lija. Ajenda ndinatumiza Lachisanu 4 koloko. Tinayamba 7:33. Zatheka sizinatheke zinatenga mphindi 7 m'malo mwa 6. Ya galimoto ndinaiika poyamba monga ananenera a Yohane, ndipo inatha m'mphindi 6 zokha chifukwa dalaivala wamkulu anabwera atawerengetsa kale kuti maoda a Mulanje ndi ochuluka ndipo awiri analipira kale. Akusitolo ndi dalaivala mmodzi anatuluka 7:48, wamkuluyo ndinamusunga chifukwa cha mawu a Esinati, ndipo anatiuzadi za shopu ina ya ku Luchenza yomwe wakhala akuipeza yotseka.

Ngongole ndiye zinadya mphindi 24 m'malo mwa 15. Bambo aja anachita bwino, mayina awiri basi. Amene anatalikitsa ndi abwana a kulikulu, omwe anangotulukira 7:55 osanena, n'kuyamba kufunsa mbiri ya kasitomala aliyense pa mndandanda. Kapepala ka 2 kanakwezedwa, ine ndinakaona, iwonso anakaona, koma sindinathe kunena kanthu. Tinadula makasitomala atatu, tinatseka 8:24, lole inanyamuka 8:40.

Esinati M.: Kuchoka 10 koloko kufika 8:24, anthu 9. Musadandaule nazo. Ndipo muzilemba pambali pa mfundo iliyonse mphindi zomwe yatengadi. Pakatha masabata anayi mudzaona nokha ngati ngongole ndi ya 15 kapena ndi ya 20 nthawi zonse, n'kusintha nambalayo m'malo molimbana ndi anthu.

Chikondi wa ku 25: Abwanawo alamu ikanawagwira.

Limbani (Leeds): Ikanachotsetsa Tiyamike ntchito, osati kugwira abwana.

Bambo Gondwe: Abwana anu simungawadule pamaso pa antchito anu, ndipo sindingakulangizeni kutero. Chomwe ndimachita ine ndi kuwatumizira ajenda Lachisanu limodzi ndi ena onse, ngakhale sananene kuti abwera, ndipo akalowa ndimawapatsa pepala m'manja n'kunena kuti bwana, tili apa, tikufuna titseke 8:15 kuti lole inyamuke, mafunso anu a pa mndandanda ndikhala nanu tikangotseka. Ena amamva. Ena amaona ngati msonkhano uliwonse umene alowa ndi wawo, ndipo pamenepo mumangopulumutsa zomwe mungathe, monga munachitira potulutsa opakira katundu msanga.

Mayi Nkhoma: Nanga mtsikana wofatsa uja wa kusitolo, poti anatuluka 7:48, kapepala anakweza ndani? Ndipo iyeyo analankhulapo chilichonse lero?

Tiyamike: Anakweza mlembi. Mtsikanayo sanalankhule, amayi, koma ngakhale kale sankalankhula. Ndiyesa zija za Esinati za Lolemba lomaliza la mwezi, kungoti lidzagwa mkati mwenimweni mwa maoda a feteleza, ndiye mwina tidzazichite Lachisanu masana magalimoto atabwerako. Ya Urea ija awiriwo apeza matumba 12 pa delivale noti yomwe sinalowe m'buku, atsala 4 akufufuzabe.